Momwe mungawerengere dirodauni, pulofiti fakita ndi R pa matiredi amene mwatseka

Akaunti imene inayamba ndi madola 1,000 n'kufika pa 1,120 imaoneka ngati ikuyenda bwino. Komatu ndalama zimene zatsala sizinena njira imene zadutsa. Tiyeni titenge matiredi 8 a chitsanzo, tiwaike mu Excel kapena Google Sheets, tione zimene zabisala.

Yambani ndi kukonza madanga. Mu A lembani tsiku ndi nthawi imene tiredi inatsekedwa, ndipo musanje mizere motsatira nthawi imeneyo, osati yotsegulira. Mu B lembani phindu kapena kuluza mutachotsa kale komishoni ndi swapu. Mu C lembani ndalama imene mukanaluza sitopu losi yoyamba ikanagundidwa, ndiyo imene timaitcha R. Mzere woyamba ndi wa mitu. Pa wachiwiri lembani 1000 mu E2 ndi mu F2. Matiredi ayambire pa mzere wachitatu.

Mu B, kuchokera pa mzere 3 mpaka 10, muli 40, -20, -20, 30, -20, -50, -20 ndi 180. Mu C muli 20 paliponse, kupatula tiredi yomaliza imene mwini wake anaikapo 60. Tsopano lembani izi mu D3, E3, F3 ndi G3 motsatana, kenako muzikokere pansi:

```
=B3/C3
=E2+B3
=MAX(F2,E3)
=(F3-E3)/F3
```

Danga D likusonyeza phindu kapena kuluza kwa tiredi iliyonse kugawa ndi R yake, E likusonyeza ndalama za mu akaunti, F likusunga pamwamba penipeni pamene zinafikapo, ndipo G likuyeza momwe zatsikira kuchokera pamwambapo. Kutsika kumeneku ndiye dirodauni. Yaikulu kuposa zonse mudzaipeza ndi `=MAX(G3:G10)`. Apa ndalama zinakwera kufika pa 1,040 pa tiredi yoyamba, kenako zinagwa mpaka 940 pa yachisanu ndi chiwiri. Madola 100 kugawa ndi 1,040 ikubwera 9.6%. Ambiri amagawa ndi 1,000 ya poyambira, koma kumeneko n'kulakwitsa, chifukwa timayeza kuchokera pamwamba.

Samalani ndi ndalama zimene munaonjezera kapena kutapa. Mbiri yochokera mu pulogalamu yochitira matiredi ya MetaTrader imaziika pamodzi ndi matiredi, ndiye mukazisiya mu B, kutapa kudzaoneka ngati mwaluza. Dziwaninso kuti matiredi otsekedwa sasonyeza zimene zinachitika ali otsegula. Tiredi ikhoza kumira ndi madola 200 n'kudzatsekedwa pa phindu, ndipo G sadzaonetsa kanthu. Nthawi zambiri dirodauni yeniyeni imakhala yofanana ndi imeneyi kapena yoiposa.

Pulofiti fakita ndi yosavuta. Ndi phindu lonse kugawa ndi zoluza zonse:

```
=SUMIF(B3:B10,">0")/ABS(SUMIF(B3:B10,"<0"))
```

Phindu ndi 250, zoluza ndi 130, yankho ndi 1.92. Ikapitirira 1 ndiye kuti mwapeza zambiri kuposa zimene mwaluza. Mukaona `#DIV/0!` pamene mukudziwa kuti munaluzapo, onani manambala a mu B. Ngati atsamira kumanzere, pulogalamu ikuwatenga ngati mawu ndipo `SUMIF` ikuwadumpha.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa danga D. Pali 2, -1, -1, 1.5, -1, -2.5, -1 ndi 3. Lembani `=AVERAGE(D3:D10)` ndipo mupeza 0. Inde, ziro. Akaunti yapeza madola 120, pulofiti fakita ili pafupi ndi 2, koma tikayeza tiredi iliyonse ndi R yake, pa avereji munthuyu sanapindule kalikonse. Phindu lonse lachokera pa tiredi yomaliza, imene anaikapo ndalama zochuluka katatu kuposa masiku onse ndipo inamuyendera. Akanaikapo 20 ngati kale, akanapeza 60 yokha, phindu likanakhala 130, zoluza 130, pulofiti fakita n'kukhala 1. N'chifukwa chake ine sindikhulupirira pulofiti fakita ndisanaone R.

Onaninso -2.5 ija. Sitopu losi ikalemekezedwa, kuluza kumakhala pafupi ndi -1. Kupitirira chotere ndiye kuti mwina mtengo unalumpha sitopu pa nthawi ya nkhani zazikulu, kapena mwini wake anaisuntha ndi dzanja poyembekezera kuti msika ubwerera. Ikanakhala -1, avereji ikanafika pa 0.19.

Danga C ndi limene limavuta kudzaza pambuyo pake. Mukasuntha sitopu, mbiri imasunga yomaliza ija, ndipo ngati munaifikitsa pa mtengo wolowera, R imaoneka ngati ziro n'kusokoneza D yense. Muzilemba C nthawi yomweyo imene mwatsegula tiredi. Matiredi 8 ndawatenga kuti muthe kutsimikizira ndi kakyuleta, koma ndi ochepa kwambiri, poti imodzi yokha yasintha zonse. Anu akachuluka, chotsani tiredi yaphindu lalikulu kwambiri, muwerengenso pulofiti fakita ndi avereji ya R, muone ngati zikuimabe.