Momwe mungagawire ndalama za kachewere zisanathere panjira

Tiwatche a Ganizani, poti mudzi uliwonse wa ku Ntcheu uli nawo. Tsiku la msika anakweza matumba 30 a kachewere kupita pa Lizulu, mavenda n'kugula onse pa K40,000 thumba limodzi. K1,200,000 m'thumba la jekete! Asanakwere njinga yobwerera anali atagula kale wailesi, nyama ya mbuzi makilo atatu, n'kuimitsira anzawo mowa. Kunyumba anapeza alamu awo akudikira pakhonde ndi vuto lawo. Kwa masabata atatu aliyense ankawatchula kuti bwana.

Mvula itayamba, mayi a kunyumba anafunsa: "Bambo a Chisomo, nanga feteleza uja?" A Ganizani anangoyang'ana pansi. Mawa lake anali kwa wakatapila.

Bambowa sanaberedwe, ndipo si aulesi. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi, pomwe mavuto amabwera sabata iliyonse. Ndiye ntchito yosunga imachitika tsiku logulitsalo, osati pa zotsala, chifukwa sizitsala.

Yambani usiku woti mawa mukupita kumsika. Khalani pansi awiri ndi kope la mwana, mulembe zomwe munda udzafune kuti mudzakololenso. Tiyerekeze ndi ndalama za a Ganizani, mitengoyo muike ya kwanu: feteleza matumba atatu K450,000, mankhwala a chiwawu ndi aganyu K150,000. Imeneyi K600,000 si yanu, ndi ya munda. Mbewu mwapatula kale pokolola, ndikhulupirira. Ngati munagulitsa ndi yomwe, ionjezereni apa.

Mukangogulitsa, feteleza mugule tsiku lomwelo kapena sabata yomweyo. Ambiri amati asunga ndalamayo mpaka mvula, koma kwacha siidikira munthu. Mu Novembala 2023 inagwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anaika ndalama pansi pa mphasa anapeza kuti sikukwananso matumba omwe ankawerengera. Thumba lili m'nyumba silitsika mtengo, komanso mlamu sangabwereke theka lake kuti akalipire ngongole pa golosale. Muliike pa matabwa, lisagunde khoma, pouma. Likanyowa limaundana ngati mwala.

Kenako chakudya ndi sukulu. Chimanga chimatchipa anthu akangokolola, n'kudula mu Januwale ndi Febuluwale, choncho K200,000 mugulire chimanga pano, muthire mankhwala a anankafumbwe. K120,000 ya fizi mukapereke kusukulu msanga, risiti musunge.

Yatsala K280,000. Apa ine ndimasiyana ndi alangizi ena. Patulani K100,000 yoti mudye, mugule chitenje cha mayi, muthandize achibale. Munthu walima miyezi yonseyi, mukamumana zonse amathyola bajeti yonse ndi mkwiyo. Koma ikatha yatha, ndipo wobwera mochedwa mumuuza zoona: "Achimwene, ndalama ndagulira feteleza."

K180,000 yotsalayo ndiyo ya banki m'khonde. Magulu ambiri salola kuponya ndalama yonse kamodzi. Pa msonkhano umodzi munthu amagula masheya kuyambira limodzi mpaka asanu. Ngati sheya ndi K2,000, ndiye K10,000 pa sabata, ndipo ndalama yanu ilowa yonse m'masabata 18. Podikira, isakhale m'jekete. Iikeni pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pa nambala yomwe simugulira mayunitsi, ndipo muziwerengera kuti potapa amadulako kangachepe. Nambala yachinsinsi musauze munthu, ngakhale woimba foni n'kumati ndi wa kukampani.

Musanalowe gulu, pitani kawiri mukangoonerera. Gulu labwino limakhala la anthu odziwana, pafupifupi 15 mpaka 25. Ndalama zimawerengedwa mokweza pamaso pa onse, bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali kwa anthu atatu osiyana, ndipo wosunga bokosi alibe kiyi. Mukaona kuti tcheyamani yemweyo ndiye mlembi, ndiyenso msungichuma, kapena ngongole zikuperekedwa kunyumba kwa munthu usiku, tsanzikani bwinobwino. Funsaninso mwezi womwe amagawana, kuti ugwirizane ndi nthawi yomwe inu mumavutika.

Msampha waukulu ndi ngongole ya m'gulu momwemo. Magulu ena amakakamiza aliyense kubwereka kuti chiwongoladzanja chichuluke. Mukatenga K100,000 pa 20 peresenti pa mwezi, mwezi ukatha mubweza K120,000. Ngati mwagulira tomato wokagulitsa pamsewu, mwina ibwera. Ngati mwagulira sofa, mudzagulitsa feteleza uja kuti mubweze, ndipo mwezi wa Disembala udzakupezani pakhomo pa wakatapila, pamzere umodzi ndi a Ganizani.