Mmene ndinapezera tulo

Miyezi itatu ndinkagona maso ali gwa, mutu ukuwerengera ndalama za fizi ndi feteleza. Masana kuthyola tiyi kuno ku Thyolo kumandiiwalitsa, koma usiku kukakhala zii, nkhawa zonse zimapeza mpata.

Mlamu wanga, namwino, anandifunsa kuti, "Alamu, tiyi womaliza mumamwa nthawi yanji?" Ndinkamwa makapu awiri cha m'ma 8 koloko usiku! Anati theka la kafeini limakhalabe m'thupi pakatha maola pafupifupi 5. Tsopano ndimalekeza 2 koloko masana.

Chinandithandiza kwambiri ndi kope. Tikadya nsima ndimalemba chilichonse chondivuta, pambali pake chochita mawa: "fizi, kukaonana ndi ahedi." Ikabweranso ndili pabedi, ndimaiuza kuti yalembedwa kale. Tulo tikakanabe, ndimadzuka osagwira foni, n'kukhala pampando mumdima mpaka zikope zitalemera.