Timizere ta netiweki tadzaza koma intaneti sikuyenda: yambani mwaona APN

Alimi ndi amalonda anzanga a kuno ku Zomba, foni ikamaimba bwinobwino koma WhatsApp osatseguka, musathamangire kugula bandulo ina. Ndalama zambiri zimatayika choncho, vuto lili mu foni momwemo.

Timizere tija timangokuuzani kuti foni ikumvana ndi nsanja ya netiweki, zomwe n'zokwanira kuimba, kutumiza uthenga wamba ndi kutumiza ndalama. Intaneti ili ndi khomo lake lapadera, ndipo foni iyenera kutchula dzina la khomolo kuti kampani ya netiweki iitsegulire. Dzinalo ndilo APN, lomwe pa foni limalembedwa Access Point Names. Likasowa kapena likalakwika, timizere tidzadzaza ndithu ngakhale mutaima pafupi ndi nsanja ku Chinamwali, koma data osayenda.

Choyamba yang'anani pambali pa timizereto. Data ikalumikizika pamaoneka kachilembo: E, H, H+, 3G, 4G kapena LTE. Ngati kalipo, kawirikawiri khomo ndi lotseguka, ndiye funsani kaye za bandulo. Mwina inatha, mwina masiku ake adadutsa, mwinanso munagula ya WhatsApp yokha pamene mukufuna kutsegula zina. Kakakhala E, intaneti ilipo koma ndi yoyenda pang'onopang'ono, ndipo kusintha APN sikungaifulumizitse. Koma ngati palibe kachilembo kalikonse, zimitsani Wi-Fi, onani kuti Mobile data ndi yoyatsa, komanso kuti pa foni ya masimu awiri data yaikidwa pa simu yomwe ili ndi bandulo. Zonsezi zikakhala bwino, tsopano tipite ku APN.

Tiyerekeze mayi wogulitsa mpunga ku Jali amene mwana wawo wawatumizira foni kuchokera ku Joni. Aikamo simu ya TNM, akuimba ndi kulandira mauthenga, bandulo ilimo, koma kachilembo kaja palibe. Mafoni ena ochokera kunja sabwera ndi dzina la khomo la makampani a kuno, choncho liyenera kulembedwa pamanja. Pa Samsung njira yake ndi iyi:

```
Settings > Connections > Mobile networks > Access Point Names
```

Pa Tecno, itel ndi ena mawu amasiyanako, koma mukalowa mu Settings n'kusankha simu yanu, Access Point Names mudzaipeza. Mayi aja apeza mulibe kalikonse. Adine Add kapena chizindikiro cha +, n'kulemba izi:

```
Name: TNM
APN: internet
MCC: 650
MNC: 01
APN type: default,supl
```

Pa Name mutha kulemba chilichonse chokukumbutsani. Pofunika kusamala ndi pa APN: zilembo zazing'ono, popanda mpata kumayambiriro kapena kumapeto, chifukwa foni ina imaonjezera mpata yokha ikamakumalizirani mawu. Pa simu ya Airtel dzina la khomo ndi internet lomwelo, koma MNC ndi 10. Nambala ya 650 ndi ya dziko la Malawi. Nambala za pa MCC ndi MNC foni imaziwerenga yokha pa simu, ndiye ngati zalembedwa kale musazikhudze. Mukazisintha, zomwe mwalembazo zimazimiririka mukangosunga, chifukwa foni imaonetsa APN yogwirizana ndi simu yomwe ilimo basi.

Apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Akamaliza kulemba amangobwerera m'mbuyo, zonse n'kufufutika. Dinani timadontho titatu ta pamwamba, musankhe Save, kenako mudine kabwalo ka pambali pa dzina latsopanolo kuti foni izigwiritsa ntchito limenelo. Mukatero yatsani Airplane mode kwa theka la mphindi n'kuizimitsa, kapena zimitsani foni n'kuiyatsanso. Kachilembo kakatulukira, zatheka.

Pali vuto lina lomwe limandiwawa kwambiri, chifukwa limanamiza. Anyamata ena amalonjeza intaneti yaulere n'kulemba manambala pa Proxy ndi Port. Zikasiya kugwira, foni imaonetsabe 4G, nthawi zina WhatsApp n'kumayenda, koma masamba a pa intaneti osatseguka, mwini wake n'kumaganiza kuti foni yafa. Malo awiriwa ayenera kukhala opanda kanthu, olembedwa Not set. Ngati mwapeza APN zambirimbiri zosadziwika, pa timadontho titatu tomwe tija sankhani Reset to default. Izi sizifufuta zithunzi kapena manambala a anthu, ndipo n'zosiyana kotheratu ndi Factory reset, yomwe imasesa zonse. Chonde musasokoneze ziwirizi.

Zikakanikabe, ikani simu yanuyo mu foni ya mnzanu yomwe intaneti ikuyenda. Ikagwira kumeneko, vuto ndi foni yanu. Ikakananso, pamene anzanu a netiweki yomweyo akugwiritsa ntchito data pamalo omwewo, vuto lili pa simu, ndipo pitani nayo ku ofesi ya kampaniyo m'tauni mutatenga chiphaso chanu cha unzika.