Msonkho wa munthu wodzilemba yekha ntchito amene amalandirira malipiro mu akaunti yakeyake

Mukakhala olembedwa ntchito pakampani, msonkho amadula abwana malipiro asanakufikeni. Mukayamba kugwira maganyu panokha, kaya kumasulira zikalata, kujambula zithunzi kapena kukonza mawebusaiti, kasitomala amakutumizirani ndalama yonse yosadulidwa, ndipo msonkho umakhala uli momwemo kudikira kuti muwerengere nokha. Kawirikawiri msonkhowu mumapereka m'dziko limene mukukhala ndi kugwiriramo ntchitoyo, ngakhale kasitomalayo ali dziko lina.

Kulandirira mu akaunti yanuyanu si mlandu kwa a msonkho, ngakhale mabanki ena salola kuti akaunti wamba izigwira ntchito ya bizinesi, choncho werengani malamulo a banki yanu. Vuto lenileni ndi lakuti mu akaunti imeneyi mumalowa ndalama zamitundumitundu, ndipo sitetimenti ya kubanki imangoonetsa tsiku, dzina ndi kuchuluka kwa ndalama. Sinena kuti iyi ndi malipiro, iyi ndi ngongole yobwezedwa. A msonkho akadzafunsa, wofotokoza ndinu, mwina patapita zaka zitatu, mutaiwala kale.

Tiyerekeze mayi wina womasulira zikalata amene amakhala ku Mangalande ndipo alibe ntchito ina. Kumeneko chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo chaka chinacho. M'chaka cha 2024 mpaka 2025, mu akaunti yake munalowa mapaundi 27,400. Atakhala pansi ndi sitetimenti ndi cholembera, anapeza kuti 24,000 zinachokera kwa makasitomala. Mapaundi 1,800 anali a mnzake wokhala naye nyumba, amene ankamutumizira 150 mwezi uliwonse ngati gawo lake la magetsi ndi gasi. Mapaundi 1,000 anabweza ndi mchimwene wake amene mayiyu anamukongoza, ndipo 600 anazisamutsa yekha kuchokera mu akaunti yake yosungira. Ndalama 3,400 zimenezi si malipiro ndipo siziyenera msonkho, koma umboni wake uzikhalapo. Uthenga wa pafoni umene mchimweneyo anapemphera ngongole, pamodzi ndi sitetimenti yoonetsa tsiku limene ndalamayo inatuluka, zimathandiza kwambiri.

Msonkho umawerengedwa pa phindu, kutanthauza zimene makasitomala analipira kuchotsapo zimene munawononga pogwira ntchitoyo. Mayiyu anawononga mapaundi 3,000 pa mapulogalamu a pakompyuta, maulendo okaonana ndi makasitomala, ndi gawo la foni ndi intaneti. Mawu oti gawo akufunika kuwamvetsa. Ngati foni yomweyo mumaimbira makasitomala komanso achibale, simungaike bilu yonse. Muone kuti ntchito imadya gawo lanji, mwina theka, mulembe penapake mmene mwafikira pa chiwerengerocho, ndipo muzichitsatira chaka chonse. Ndalama zimene mumatumiza kumudzi sizichotsedwa pa phindu, ngakhale zikhale za fizi kapena chipatala. Ambiri zimawapweteka kumva zimenezi, koma lamulo limaziona ngati ndalama zanu zimene mwagwiritsa ntchito pa zanu.

Phindu la mayiyu ndi mapaundi 21,000. M'chaka chimenecho, 12,570 zoyambirira zinalibe msonkho, ndiye zotsala ndi 8,430. Pa zimenezi msonkho ndi 20 peresenti, kutanthauza 1,686, ndipo National Insurance, ndalama yopita ku thumba la boma la penshoni ndi zithandizo zina, kwa odzilemba okha ntchito ndi 6 peresenti, kutanthauza 505.80. Zonse pamodzi ndi mapaundi 2,191.80. Zikanakhala kuti walephera kufotokoza 3,400 zija n'kuziwerengera ngati malipiro, akanawonjezera 884 pa ndalama zimene sanazigwirire ntchito n'komwe. Dziwaninso kuti amene ali ndi ntchito yolembedwa n'kumachita maganyu madzulo, 12,570 zija nthawi zambiri zimakhala zitathera kale ku malipiro a pamwezi, moti phindu la maganyu limadulidwa msonkho kuyambira paundi yoyamba.

Chimene chimagwetsa anthu m'chaka choyamba ndi tsiku lolipira. Mayiyu anayenera kulembetsa ku HMRC, bungwe lotolera msonkho kumeneko, pofika 5 Okutobala 2025, chifukwa analandira zoposa mapaundi 1,000, kenako kutumiza pa intaneti fomu ya Self Assessment, yofotokozera a msonkho zimene wapeza, ndi kulipira pofika 31 Januwale 2026. Koma popeza bilu yake ya msonkho yapitirira 1,000 ndipo palibe msonkho umene anamudula kale, amamuuza kuti alipiriretu theka la bilu ya chaka chotsatira tsiku lomwelo. Mu Januwale akufunika 3,287.70, kenako 1,095.90 pofika 31 Julayi. Kuchedwetsa fomu ngakhale ndi tsiku limodzi kuli ndi chindapusa cha mapaundi 100. Ine ndimalangiza kuti malipiro akangolowa, gawo limodzi mwa magawo anayi lizipita mu akaunti ina tsiku lomwelo, ndipo khadi yake izitsala kunyumba. Amene muli ku Joni, masiku anu ndi ena: chaka cha SARS, bungwe lotolera msonkho kumeneko, chimayamba pa 1 Malichi, ndipo odzilemba okha ntchito amalipiriratu msonkho kawiri, kumapeto kwa Ogasiti ndi kumapeto kwa Febuluwale.

Kasungidwe ka zolemba sikafuna sukulu ya akaunti. Kope kapena tebulo la pakompyuta n'zokwanira, bola malipiro aliwonse akhale ndi mzere wake: tsiku limene ndalama inalowa, dzina la kasitomala, ntchito imene munagwira, nambala ya invoisi, ndi kuchuluka kwake. Muzipempha kasitomala kuti alembe nambala ya invoisi potumiza ndalama, chifukwa nthawi zina dzina lotuluka pa sitetimenti limakhala la kampani yotumizira ndalama kapena la mkazi wake. Ndalama yolandira pamanja nayonso imalowa m'kope. Malisiti a m'sitolo amafufutika pakapita miyezi, ndiye muziwajambula tsiku lomwelo.

Pali malo awiri amene kope ndi sitetimenti zimasemphana. Mukamagwira ntchito kudzera pa webusaiti yolumikiza anthu ndi makasitomala, kasitomala akalipira 500, eni webusaiti n'kudula 50, mu akaunti mumafika 450. M'kope mulembe 500 ngati zolowa ndi 50 ngati zowononga. Phindu silisintha, koma chiwerengero cha zolowa chimagwirizana ndi chimene webusaitiyo ili nacho, ndipo m'mayiko ambiri mawebusaiti otere amapereka ziwerengero zawo kwa a msonkho. Kwina ndi ndalama zakunja. Akakulipirani madola, mulembe madolawo, mtengo wosinthira wa tsikulo, ndi zimene zinafika m'ndalama ya dziko limene muli.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse, tsitsani sitetimenti n'kuyenda nayo mzere ndi mzere mpaka ndalama iliyonse yolowa ikhale ndi invoisi yake kapena mawu ofotokoza kumene yachokera. Ikatsala imodzi yopanda mwini, ifufuzeni sabata yomweyo. Masitetimentiwa muzisunga nokha, chifukwa mukatseka akaunti kapena kusamuka dziko, kuwapezanso kumavuta. SARS imafuna kuti zolemba zisungidwe zaka 5 kuchokera pamene munatumiza fomu. Ku Mangalande ndi zaka 5 kuchokera pa 31 Januwale wa chaka chotumizira fomu, ndiye mayi uja asunge kope, malisiti ndi uthenga wa mchimwene wake mpaka 31 Januwale 2031.