Sofa yotopa ikhoza kuoneka yatsopano musanagule ina

Musanagule chilichonse, khalani pa sofayo. Ngati mukumira mpaka kumva thabwa pansi, vuto ndi siponji, ndipo nsalu yokongola siingabise zimenezo. Tsegulani zipi ya khushoni yokhalira, muyeze siponji yakaleyo, mukadulitse ina yolimba yokhuthala masentimita 10. Ndalama zanu zipite kumeneko poyamba.

Kenako makhushoni okongoletsera. Chinsinsi chimene ine ndinachedwa kuchidziwa n'chakuti chamkati chiziposa chikuto. Ngati chikuto ndi cha masentimita 45 mbali zonse, chamkati chikhale cha 50. Zikafanana, khushoni imafota m'makona ngati thumba losadzaza, ndipo sofa imaoneka yotopa kuposa kale. Simufunika kugula zamkati zatsopano: ng'ambani pilo wakale, mumwazemwaze thonje lake ndi zala kuti lifufume, n'kulilonga mothina, kuyambira m'makona. Mita imodzi ya nsalu yotambalala masentimita 150 imatulutsa zikuto zitatu, ndipo makhushoni atatu akwanira pa sofa ya anthu atatu. Awiri akhale a mtundu umodzi, imodzi yamaluwa.

Nsalu yofunditsa musaiyale pa sofa yonse ngati mukufunditsa wodwala, imaterera munthu akangokhalapo. Ipindeni patatu m'litali, muigoneke pa mkono umene wathetheka, mbali ina muilowetse mumpata wa khushoni yokhalira kuti igwire. Muichape kaye payokha. Yanga yofiira inasuluka tsiku limene mwana anatayirapo madzi, ndipo banga lake likadalipo pa mkono wa sofa.