Momwe mungayerekezere Google, Bing ndi anzake kuti muone amene amaika webusaiti iti patsogolo

Musanayambe kuyerekeza, dziwani kuti makina ofufuzira pa intaneti ndi ambiri ndi mayina okha. Amene ali ndi kaundula wawowawo wa masamba, amene amachita kuyendayenda pa intaneti n'kumakopera zimene apeza, ndi ochepa. Google ali naye, Bing wa kampani ya Microsoft ali naye, Brave Search, Mojeek wa ku Britain, Yandex wa ku Russia ndi Baidu wa ku China alinso naye. Koma Yahoo amatenga zotsatira zake kwa Bing, ndipo DuckDuckGo nayenso zambiri amazitenga komweko. Choncho mukayerekeza Yahoo, DuckDuckGo ndi Bing mwangotha bandulo pachabe, zili ngati kufunsa mtengo wa tomato kwa ana atatu amene akugulitsa pa benchi imodzi ya mayi awo. Ine ndimatenga Google, Bing ndi Brave basi.

Kenako sankhani mawu ofufuzira amene yankho lake mukulidziwa kale. Mukafufuza chinthu chachilendo simungadziwe amene wakupatsani zolondola. Ine ndinachita zimenezi pothandiza achemwali anga amene ali ndi kanyumba kogona alendo ku Senga Bay, ndipo tinasankha mawu amitundu itatu: dzina lenileni la malowo, mawu amene mlendo wosawadziwa angalembe monga `Senga Bay lodge`, ndi funso la m'Chichewa. Lembani mawuwo chimodzimodzi paliponse, osasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Tsopano pano ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa ndi pamene ntchito yathu inasokonekera. Achemwali anali atalipira mnyamata wina amene anawalonjeza kuti awaika pamwamba pa Google. Atabwera kudzatenga ndalama yotsala, anawauza kuti afufuze pa foni yawo yomwe, ndipo webusaiti yawo inatulukadi pafupi ndi pamwamba. Ine nditafufuza mawu omwewo pa laputopu ndili ku Lilongwe, sinaoneke pa tsamba loyamba lonse.

Foni ya achemwali inali ndi akaunti yawo ya Google, tsambalo ankalitsegula pafupifupi tsiku lililonse, ndipo iwo anali atakhala pakhonde pa malo omwewo. Google amayang'ana komwe muli, chinenero chimene munasankha, komanso zimene munafufuzapo kale ngati akaunti yanu imasunga zimenezo. Zimene mwini webusaiti amaona pa foni yake si zimene mlendo wa ku Blantyre kapena wa ku Johannesburg amaona.

Kuti mupewe zimenezi, tulukani mu akaunti, mutsegule windo lobisika. Mu Chrome limatchedwa `Incognito`, mu Edge ndi `InPrivate`. Koma anthu ambiri amaganiza kuti windoli limabisa chilichonse, pamene ayi. Limangoika pambali mbiri ya zimene munafufuza kale, komwe muli kumaonekabe kudzera pa adiresi ya intaneti imene netiweki yakupatsani. Ndiye tsikani mpaka pansi penipeni pa tsamba la zotsatira za Google. Pamenepo amalemba dera limene akuganiza kuti muli. Ngati mukugwiritsa ntchito data ya pa foni, musadabwe kuona Lilongwe kapena Blantyre pamene muli ku Mzimba, chifukwa adiresiyo kawirikawiri imaloza komwe kuli makina a kampani ya foni. Lembani dera limenelo pa pepala lanu. Fufuzani pa makina onse atatu pa chipangizo chimodzi, netiweki imodzi, nthawi imodzi. Ngati muli ndi VPN, pulogalamu yobisa komwe muli, izimitseni. Ndipo ngati mukufuna kuona zimene munthu wa ku South Africa angaone pa Google, onjezerani `&gl=za` kumapeto kwa adiresi ya zotsatira, pamene `&gl=mw` ndi ya kuno kwathu.

Zikatuluka zotsatira, dumphani zotsatsa malonda. Izi zimakhala ndi kalemba kakang'ono koti `Sponsored` kapena `Ad`, ndipo pa foni zimatha kudzaza sikirini yonse yoyamba. Eniake analipira kuti aoneke pamenepo. Mabizinesi oonekera pa mapu aikeninso pambali, chifukwa amenewo amachokera pa zimene mwini bizinesi analembetsa, kuyandikira kwake ndi ndemanga za makasitomala. Mulembe mawebusaiti khumi oyamba amene atsala, m'mizere itatu pa pepala.

Mukapeza kuti tsamba lina lili pa Google koma pa Bing palibe, musafulumire kunena kuti Bing walinyoza. Mwina sakulidziwa n'komwe. Yesani polemba `site:` kutsogolo kwa dzina la webusaiti, popanda mpata:

```
site:mra.mw
```

Chitsanzochi chikuonetsani masamba a bungwe lotolera misonkho la MRA amene makinawo anakopera. Ikanipo webusaiti yanu. Ya achemwali inatulutsa masamba onse pa Google, pa Bing tsamba loyamba lokha, pa Brave osatuluka kalikonse. Apa nkhani sinali ya kusanja ayi, inali yoti enawo anali asanafikeko. Mawebusaiti ang'onoang'ono a kuno kwathu, makamaka olembedwa m'Chichewa, vuto lawo lalikulu limakhala limeneli.

Pamene onse akulidziwa tsambalo koma alisanja mosiyana, mpamene mungayambe kufunsa chifukwa. Google anatchuka kuyambira mu 1998 ndi njira ya PageRank imene Larry Page ndi Sergey Brin anaikonza ali pa yunivesite ya Stanford. Njirayi imawerenga linki yochokera pa webusaiti ina ngati voti, ndipo voti ya webusaiti yodalirika imalemera kuposa ya webusaiti imene palibe amene amailoza. Lero pali zambiri zimene anawonjezera, koma malinki akadali ndi mphamvu. N'chifukwa chake pa mawu a `Senga Bay lodge` mawebusaiti akuluakulu osungitsirapo malo ogona ndi amene anadzaza pamwamba paliponse. Google amayesanso tsamba potengera mmene limaonekera pa foni, ndiye tsamba la zithunzi zolemera limene limachedwa kutseguka limadzipweteka lokha. Bing, amene anayamba mu 2009, amanena poyera m'malangizo ake kuti amayang'ananso mmene anthu amachitira ndi zotsatira: ngati adina linki, ndi ngati abwerera msanga kukafuna ina. Pa pepala langa ndinaona kuti Bing ankakonda masamba amene mawu anga enieniwo ali pa mutu, pamene Google ankabweretsa ngakhale amene analemba mawu ena a tanthauzo lomwelo. Palibe mwa makampaniwa amene amaulula kulemera kwa chinthu chilichonse, choncho amene akukuuzani kuti akudziwa chinsinsi chonse akukunamizani.

Za mnyamata uja, tinapeza kuti anangomwaza malinki pa mawebusaiti achabechabe a kunja. Kugula malinki n'koletsedwa m'malamulo a Google ndi a Bing omwe, ndipo kungagwetse webusaiti yanu. Musalipirenso munthu kuti akulembetseni: Google Search Console ndi Bing Webmaster Tools ndi zaulere, ndipo ya Bing imalola kukoka zimene munaika kale pa ya Google. Tumizani mndandanda wa masamba anu, uja amautcha `sitemap.xml`, konse kuwiri.

Dikirani milungu ingapo, mubwereze zonse ndi mawu omwe aja, chipangizo chomwecho, netiweki yomweyo. Pepala loyamba lija muliike pambali pa latsopanolo, muyambe ndi `site:` kuti muone ngati masamba awonjezeka pa Bing.