Menyu ya pa foni, mlendo wochokera ku Zomba

Mlendo atanditumizira chithunzi cha menyu ya malo ena odyera ku Jubeki kuti ndimumasulire, vuto loyamba linali chithunzicho. Pepala lokutidwa ndi pulasitiki linanyezimira ndi kuwala kwa foni, mitengo n'kufufutika. Ndinamuuza azimitse tochi, aime chammbali, ajambule theka lililonse palokha.

Mayina a zakudya sindinawamasulire. Ndinawasiya momwe alembedwera kuti athe kuloza kapena kuwerengera woperekera zakudya, pansi pake n'kulemba tanthauzo. Pap ndi nsima, koma imabwera mitundu: stywe pap ndi yolimba ngati yathu, krummelpap ndi yoyoyoka. Mogodu ndi nthumbwana zophika nthawi yaitali, morogo ndi ndiwo zamasamba, nthawi zambiri ngati bonongwe. Chakalaka ndi kaloti, anyezi, tomato ndi tsabola, ena amathiramo nyemba. Ndinalemba kuti imawawa.

Zosokoneza ndi mayina onama. Bunny chow mulibe kalulu: ndi buledi wobooledwa pakati, wodzazidwa nyama kapena nyemba zophika ndi zokometsera za curry, chakudya chochokera ku Durban. Monkey gland si nyani ayi, ndi msuzi wotsekemera wa tomato ndi anyezi wothira pa nyama yowotcha.

Mlendoyu sadya nkhumba, ndiye ndinaima pa kota, chigawo cha buledi chodzazidwa tchipisi, soseji ndi zina. Soseji ya russian ndi poloni zomwe amaikamo nthawi zambiri zimakhala ndi nkhumba, ndipo menyu sinena. Soseji ya boerewors nayonso ena amasakaniza ndi nkhumba. Ndinalemba kuti: "Achimwene, musanaitanitse funsani ngati ili halaal."